Mbozi yachilendo ya chimanga ku Angoniya: zolemba za ntchito yoyerekeza njira zinayi za ulangizi

Zolembazi ndi za gulu la alangizi lomwe latha nyengo imodzi ya dzinja likuyesa njira zinayi zofikira alimi m'midzi ya mbali ya Domwe ndi Ulongwe, m'boma la Angoniya, chigawo cha Tete. Njirazo ndi munda wachitsanzo, sukulu ya kumunda, wailesi ndi mauthenga apafoni. Kuti kuyerekezako kukhale ndi mutu, tinasankha phunziro limodzi lokha n'kulidutsitsa m'njira zonse zinayi. Phunzirolo ndi kuyendera munda wa chimanga, kuwerenga mbozi yachilendo, n'kudziwa ngati yafika poti munthu achitepo kanthu.

Okutobala, mvula isanagwe

Tagwirizana za phunziro lenilenilo, kuti pasakhale mlangizi wonena zake. Mbozi iyi inachokera ku Amereka, inaoneka koyamba mu Afirika mu 2016, ndipo kuno ku Mozambiki inafika mu 2017. Gulugufe wake amauluka usiku n'kuikira mazira pamasamba, mulu umodzi mazira 100 kapena 200, ophimbidwa ndi tiubweya totuwa. Kukatentha amaswa patatha masiku awiri kapena atatu. Timbozi tating'ono timangopala tsamba, n'kusiya timawanga tooneka ngati pepala loonekera. Tikakula timalowa mu nsonga, momwe masamba atsopano amatulukira, n'kumaboola ndi kusiya ndowe zonga utuchi. Mbozi yaikulu imadziwika ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda okhala ngati ngodya za bokosi chakumchira.

Kuyendera kwake n'kotere. Mlimi amasiya mizere ya m'mphepete, n'kuyenda mokhotakhota ngati chilembo cha W, kuima malo asanu. Pamalo paliponse amaona mapesi khumi otsatizana, onse pamodzi 50. Amawerenga phesi lomwe lili ndi mazira, mbozi yamoyo, kapena zilonda zatsopano zokhala ndi ndowe zaziwisi. Chimanga chikadali chaching'ono, masamba asanapitirire asanu ndi limodzi, malire ndi mapesi 10 mwa 50. Chikakula, koma chisanamasule, malire ndi mapesi 20 mwa 50. Pansi pa malirewo munthu amangophwanya mazira ndi kutola mbozi ndi manja, n'kubweranso patatha masiku angapo.

Tagawa midzi motere. Dera loyamba likhala ndi minda yachitsanzo itatu, yomwe pamafomu a boma imalembedwa CDR. Dera lachiwiri likhala ndi sukulu ziwiri za kumunda, zomwe pamafomu ndi EMC. Dera lachitatu lilandira mauthenga apafoni okha. Dera lachinayi silipatsidwa kanthu kupatula wailesi. Apa pali chilema chomwe tachilemba tisanayambe: mawu a pawailesi saima pa malire a mudzi. Madera onse anayi azimva pulogalamu yomweyo, choncho zomwe tikuyeza si njira zinayi zoima pazokha, koma wailesi yokha poyerekeza ndi wailesi yophatikiza china.

Tisanaphunzitse aliyense tachita mayeso a timabokosi. Timazika timitengo khumi, pakamtengo paliponse pali chinthu chenicheni kapena chithunzi chake, funso limodzi lowerengedwa mokweza, ndi timabokosi titatu. Mlimi amaponya kapepala ka nambala yake m'kabokosi komwe wasankha. Ubwino wake, wosadziwa kulemba amayankha mofanana ndi wodziwa. Tidzabwereza mayeso omwewa mu Epulo.

Novembala, sabata yomaliza

Mvula yobzalira yagwa. Munda wachitsanzo uliwonse uli ndi ndime zitatu za mamita 10 mbali zonse. Mizere yatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, ndiye kuti ndime imodzi ili ndi mizere 13 ya mapesi pafupifupi 40. Mbewu ndi imodzi, tsiku lobzala ndi limodzi, feteleza wokulitsa wa NPK 12-24-12 ndi yureya wobereketsa n'ngofanana pa ndime zonse. Chosiyana ndi kasamalidwe ka mbozi kokha: ndime yoyamba isiyidwe osachitapo kanthu, yachiwiri kuyendera ndi kupha ndi manja, yachitatu kuyendera ndi kupopera malire akakwana.

Munda umodzi mwa itatuwo tausuntha tisanabzale. Malo omwe anapereka a mfumu anali pafupi ndi chulu, ndipo ndime yachitatu ikadakhala panthaka yakuda ya m'munsi mwa chulucho. Ikadapambana ndithu, koma chifukwa cha chonde, ndipo anthu akadatamanda mankhwala pachabe.

Sukulu iliyonse ili ndi alimi 25, ogawidwa m'timagulu tisanu. Amakumana m'mawa kamodzi pasabata pamunda wa gulu. Njira imeneyi inayambira ku Indoneziya mu 1989, pa ulimi wa mpunga, mothandizidwa ndi bungwe la FAO, ndipo inayambika pa vuto lofanana ndi lathuli: alimi ankapopera mosaona, n'kupha tizilombo tomwe timadya mdani weniweniyo. N'chifukwa chake tikuyembekeza kuti pa phunziro ili sukulu ili pakwawo. Funso lathu si loti imagwira kapena ayi, koma ngati mtengo wake ungapirike.

Disembala, sabata yachiwiri

Pulogalamu ya pawailesi ya m'dera lino yayamba, mphindi 15 kawiri pasabata. Zolakwika ziwiri zaoneka kale, ndipo zonse n'zochokera kwa ife olemba.

Choyamba ndi dzina. Tinalemba kuti ntchembere zandonda, monga amanenera mawailesi a ku Malawi omwe anthu ambiri kuno amamvera. Koma kwa akuluakulu dzinali ndi la mbozi zakale zija zobwera mwachigulu chaka china n'kuseseratu msipu ndi chimanga, kenako n'kusowa zaka zingapo. Wina akamva kuti ntchembere zandonda zabwera amayang'ana pansi, osaona chigulu chikuyenda, n'kunena kuti kwathu sizinafike. Ena akaona tsamba loboka amati ndi kapuchi. Pamabotolo ndi pamapepala a Chipwitikizi pamalembedwa lagarta do funil. Mayina atatu, chilombo chimodzi. Tsopano woulutsa akumanena kuti mbozi yachilendo yokhala mu nsonga ya chimanga, n'kutchula mayina enawo kamodzi koyambirira.

Chachiwiri ndi manambala. Pepala loyamba tinalilemba m'Chipwitikizi kuti woulutsa azimasulira ali pamphepo, ndipo pomwe panalembedwa 20% panatuluka mawu akuti mapesi makumi awiri. Kwa chimanga chaching'ono malire enieni ndi mapesi 10 mwa 50, ndiye womvera anauzidwa kudikira mpaka mbozi zichuluke kawiri. Kuyambira pano pepala lililonse likulembedwa m'Chichewa kuchokera pachiyambi, ndipo mawu akuti peresenti tawachotseratu.

Disembala, sabata yachinayi

Uthenga woyamba wapafoni watumizidwa. Msampha wa fungo lokopa agulugufe aamuna womwe tinaika pamunda wa sukulu wayamba kugwira ochuluka, ndipo mamembala apeza milu ya mazira. Uthengawo unali uwu:

```
ULIMI: Mbozi zayamba ku Domwe. Mawa m'mawa yenderani munda: malo 5, mapesi 10 pamalo. Zikapezeka pa mapesi 10 mwa 50, onanani ndi wa gulu la sukulu.
```

Ndi zilembo 148, powerenga ndi mipata yomwe, ndipo uthenga umodzi umatenga 160. Koma ulendo woyamba unapita ngati mauthenga atatu pa foni iliyonse. Chifukwa chake n'chaching'ono kwambiri moti aliyense wotumiza Chichewa ayenera kuchidziwa. Malire a 160 amagwira pokhapokha zilembo zonse zili m'gulu lotchedwa GSM-7. Mukangolowa chilembo chimodzi chosakhala m'gululo, uthenga wonse umasinthira ku UCS-2, komwe malire ndi 70, ndipo wautali umadulidwa m'zidutswa za 67. Chilembo cha ŵ sichili m'gululo, ã ndi õ za Chipwitikizi mulibenso, ndiponso kankhodolero kopindika (’) komwe kompyuta imaika yokha polemba m'mawa kapena ng'ombe. Kathu kanali kameneko. Kowongoka (') kalibe vuto. Ndalama inapita katatu, ndipo pamafoni ena a mabatani, m'malo momwe netiweki ndi yofooka, zidutswazo sizinafike zonse. Tsopano uthenga uliwonse ukuyesedwa kaye pa foni ya mabatani usanapite kwa anthu.

Pali vuto linanso lomwe silikonzeka ndi kankhodolero. Mawu omaliza akuti onanani ndi wa gulu la sukulu ali ndi tanthauzo kudera lachiwiri lokha, la sukulu, komwenso uthengawo unafika. Kudera la foni zokha kulibe gulu, ndiye tinalemba kuti imbirani alangizi. Mlangizi m'modzi, njinga yamoto imodzi, misewu yamatope.

Januwale, sabata yoyamba ndi yachiwiri

Masabata awiri amenewa ndi omwe aonetsa kusiyana kwa njirazi, ndiye tilemba mwatsatanetsatane.

Tiyambe ndi m'mawa umodzi pa sukulu. Chimanga cha gulu chinali ndi masamba asanu. Timagulu tisanu tinalowa m'munda dzuwa lisanakwere, kagulu kalikonse n'kutenga malo amodzi mwa asanu aja. Zotuluka zake: 4, 1, 3, 5 ndi 3, zonse pamodzi 16 mwa 50. Malire ndi 10, ndiye poyamba zinaoneka kuti nkhani yatha, kupopera basi. Koma lamulo la sukulu n'lakuti kagulu kalikonse kajambule phesi limodzi papepala lalikulu, tizilombo toononga mbali ina, tothandiza mbali ina, n'kufotokozera anzawo. Pofotokoza mpomwe mayi wina wachikulire anafunsa kagulu ka mapesi asanu kaja kuti, “Inu abambo, ndowe mwaonazo zinali zaziwisi kapena zouma? Nanga mbozi mwaigwira ndi dzanja?” Sanaigwire. Gulu lonse linabwerera. Kuwerenga kwachiwiri, kotsegula nsonga iliyonse, kunapereka 2, 1, 2, 1 ndi 2, zonse 8 mwa 50. Enawo anali mabala akale. Masiku awiri m'mbuyomo kunagwa mvula yamphamvu, ndipo mvula yotere imakokolola kapena kumiza timbozi tating'ono. M'nsonga zina munali nyerere, ndipo m'zina munali kachilombo kaja ka mchira wa mphanda komwe kamadya mazira ndi timbozi. Gulu linagwirizana kuti lisapopere, liphwanye mazira, n'kuwerenganso patatha masiku anayi.

Kusiyana kwa 16 ndi 8 ndiye phunziro lonse. Tsamba lobooka silitsekeka, limakhala choncho mpaka kuuma, ndiye munda umaoneka wodyedwa ngakhale mbozi itachoka kale kukasanduka chibungu m'nthaka. Mawu akuti zilonda zatsopano tinawanena pawailesi, tinawalemba pafoni, tinawalemba pachikwangwani cha munda wachitsanzo. Palibe yemwe anawamvetsa asanatsegule nsonga ndi zala zake, wina ali pambali kumutsutsa.

Patatha masiku anayi kuwerenga kunafika 12, timbozi tambiri tili tating'ono, ndipo gulu linapopera ndime yake imodzi. Apanso panali cha m'manja chomwe wailesi singaphunzitse. Anathira madzi okha m'pampu, wopopera n'kuyenda ndime ya mamita 10 mbali zonse akuloza mpopi mu nsonga iliyonse, kenako n'kuyeza madzi omwe apita. Anapita malita awiri. Hekitala ili ndi ndime zotere 100, ndiye ndi malita 200, kapena mapampu 12 ndi theka a malita 16. Muyezo wa pahekitala wolembedwa pabotolo umagawidwa ndi nambala imeneyo kuti upeze wa pampu imodzi. Wopopera wina woyenda msanga apeza nambala ina, n'chifukwa chake sitingaulutse kuti thirani zivindikiro mwakuti. Anapopera chakumadzulo, nthawi yomwe mbozi imayamba kutuluka kudzadya.

Sabata yomweyo tinayendera minda ya anthu a kudera la foni zokha. Ambiri omwe anawerenga uthenga anapitadi kumunda tsiku lotsatira, ndipo ichi n'chinthu chachikulu: uthenga unawadzutsa pa nthawi yake. Koma kuwerenga kwawo kunali kosokonekera m'njira zitatu. Ena anawerenga mabala akale. Ena anayamba ndi mizere ya m'mphepete mwa njira chifukwa ndi yapafupi. Ndipo ambiri kuno amabzala mbewu zitatu paphando, ndiye mapesi 10 anawatenga ngati mapando 10, n'kuwerenga phando lonse ngati logwidwa pomwe phesi limodzi lokha ndilo linali ndi mbozi. Zolakwika ziwiri mwa zitatuzi zimakwezera nambala m'mwamba. Mapeto ake uthenga womwe cholinga chake chinali kuchepetsa kupopera kosafunika unatumiza anthu ena kumsika kukagula mankhwala, nthawi zina ogulitsidwa m'timabotolo topanda pepala.

Panalinso osafikiridwa. Foni yambiri imayenda ndi bambo, pomwe wopalira tsiku ndi tsiku, woyamba kuona nsonga yodyedwa, ndi mayi. Manambala ena omwe tinalemba mu Okutobala anali atasiya kale kugwira, poti anthu a m'malire amasinthasintha makadi, lero la kuno, mawa la ku Malawi akapita ku Lizulu kapena ku Dedza. Ndipo lipoti loti uthenga wafika limangonena za foni, silinena kuti wawerengedwa, kapena kuti mwini foni amatha kuwerenga.

Kudera lachiwiri uthenga womwewo unagwira ntchito ina. Mamembala a sukulu anaulandira ngati belu, ndipo anansi awo omwe si mamembala anali ndi munthu wapafupi womuitana kuti adzawathandize kuwerenga. Sitinakonze kuti tiyeze foni ndi sukulu pamodzi, zinangochitika chifukwa mndandanda wa manambala unaphatikiza mamembala.

Januwale kumapeto

Minda yachitsanzo ikutikhumudwitsa, koma mlandu si wa njirayo, ndi wa phunziro lomwe tinaisenzetsa. Munda woyamba unabzalidwa ndi mvula yoyamba yeniyeni, ndipo mbozi sizinafike pamalire mpaka pano. Ndime zitatu zonse zikufanana. Wodutsa panjira akuona chimanga chabwino, osaona chifukwa. Pamunda wachiwiri mwini wake, poona ndime yoyamba ikudyedwa pafupi ndi msewu pomwe aliyense akuona, anaipopera mwakachetechete ndi mankhwala otsala. Sitingamudzudzule kwambiri, dzina la pamundawo ndi lake. Tazindikira chifukwa cha mbozi zakufa m'nsonga za ndime yomwe buku likuti sinapoperedwe. Wachitatu wokha ndi womwe ukuyenda monga tinakonzera.

Munda wachitsanzo umaonetsa bwino chinthu chomwe ukachichita kamodzi chimakhala poyera nyengo yonse, monga mtundu wa mbewu, katalikidwe ka mapando, kapena soya wa mizere iwiri pamzere umodzi. Anthu ambiri omwe anaima pa minda yathu anafunsa za mbewu imodzi paphando ndi dzina la mbewuyo, za mbozi ayi. Kuyendera munda ndi chisankho chochitika m'mawa wina, ndipo pofika masana sichisiya chooneka.

Febuluwale

Wailesi tayisuntha kuchoka madzulo kwenikweni kupita itakwana 7 koloko usiku, poti nthawi yoyambayo amayi amakhala ali pamoto. Pulogalamu zomwe zabweretsa mafoni ambiri ndi zomwe tinajambula pa sukulu, alimi akukangana okha za mchenga, phulusa ndi msuzi wa usipa wothira mu nsonga kuti uitane nyerere. Mlangizi akamalankhula yekha mphindi 15 mafoni sabwera.

Wailesi yachita bwino pa zinthu zoletsa ndi zochenjeza: osagula mankhwala opanda pepala, osapopera masana dzuwa lili pamutu, osatumiza mwana kukapopera, osatsukira pampu pachitsime. Zotere munthu amamva kamodzi n'kuzisunga. Pomwe yalephera ndi pa nthawi. Pulogalamu imajambulidwa masiku angapo isanaulutsidwe, pomwe mbozi imakhala yosavuta kupha masiku ochepa oyambirira okha, isanakule n'kubisala pansi pa ndowe zake. Komanso mawu amodzi amafika kwa wobzala mu Novembala ndi wobzala kumapeto kwa Disembala, omwe chimanga chawo chili pa malire osiyana.

Pa sukulu anthu achepa. Mwezi uno ndi wa njala ndi maganyu, maliro nawonso achuluka, ndipo m'mawa wina pa sukulu imodzi panabwera anthu osakwana theka. Tafupikitsa msonkhano kuchoka pa maola atatu kufika pa awiri, koma kuwerenga ndi kujambula sitinachotse.

Malichi, tsiku lachionetsero

Lachitikira pamunda wachitatu. Anthu anabwera ambiri, kuposa mamembala a sukulu ziwiri zonse pamodzi. Ndime yoyamba inali ndi masamba ong'ambika koma zisononkho zake sizinali zoipa monga anthu ankayembekezera, pakuti chimanga chodya bwino chimapirira kudyedwa kwa masamba. Ili linali phunziro labwino lomwe sitinalikonze. Koma kuyendera munda sitikanatha kukuonetsa: chimanga chinali chitamasula kale, nsonga zoti munthu atsegule kunalibe. Chionetsero cha phunziro ili chiyenera kuchitika mu Januwale, chimanga chili m'mawondo, ngakhale kuti nthawi imeneyo palibe zisononkho zokopa anthu.

Epulo, mayeso achiwiri ndi kuwerengera

Mayeso a timabokosi tawonjezera gawo la m'munda, pa chimanga cha m'dimba chomwe chidakali chaching'ono: munthu awerenge mapesi 50, ife tiwerenge pambuyo pake, tifananitse. Pa mafunso a chidziwitso, monga dzina, nthawi yopopera ndi kuopsa kwa mankhwala, madera onse anayi akwera, ndipo kusiyana kwawo n'kochepa. Zimenezo tikuti zabwera chifukwa cha wailesi. Pa kusiyanitsa mbozi yachilendo ndi kapuchi, a sukulu ali patsogolo, otsatira ndi omwe ankabwera kawirikawiri pa munda wachitsanzo. Pa kuwerenga m'munda, a sukulu okha ndi omwe manambala awo ayandikana ndi athu.

Chenjezo kwa owerenga lipotili: mamembala a sukulu sanasankhidwe mwamaere. Anadzipereka okha, ndipo ena analozedwa ndi mafumu. Mayeso a Okutobala akuonetsa kuti anali patsogolo pang'ono tisanayambe n'komwe. Choyenera kuyang'ana ndi mmene munthu aliyense wakwerera kuchokera pomwe anali, osati malikisi omaliza okha. Zokolola sitikuzigwiritsa ntchito poweruza njirazi. Nyengo imodzi, minda itatu, umodzi wopoperedwa mobisa, sizokwanira, ndipo kusiyana kwa nthaka ndi feteleza pakati pa alimi n'kwakukulu kuposa komwe mbozi yabweretsa chaka chino.

Mtengo tauwerenga m'masiku a mlangizi, chifukwa ndicho chinthu chosowa kwambiri, kuposa mametikali. Sukulu imodzi inakumana ka 16, ulendo uliwonse theka la tsiku powerenga ndi msewu, ndiye masiku 8, kuwonjezapo atatu okonzekera, onse 11, kwa anthu 25. Munda wachitsanzo umodzi unadya maulendo 8 a theka la tsiku ndi masiku awiri a chionetsero, onse 6. Wailesi inadya tsiku limodzi pasabata, kwa boma lonse ndi kupitirira. Mauthenga apafoni okha ndi ola limodzi, koma kulemba ndi kukonza manambala kunadya masiku angapo, ndipo uthengawo sukanakhalapo popanda wina wowerenga msampha ndi munda sabata iliyonse. Ntchito imeneyo inachitidwa ndi sukulu. Foni imaoneka yotchipa chifukwa mbali ya mtengo wake yabisala m'buku la sukulu.

Mlangizi m'modzi sangapitirire sukulu zinayi kapena zisanu pasabata osasiya ntchito zina zonse. Ndiye kuti anthu 100 kapena 125 pachaka, m'dera la mabanja ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Kufikira aliyense ndi sukulu sikutheka.

Meyi, zomwe tagwirizana za nyengo ikudzayi

Tisanasankhe njira pa phunziro lililonse tiziyamba tafunsa chomwe mlimi akusowa. Ngati sanamve, ndi ntchito ya wailesi. Ngati anamva koma sakukhulupirira, ndipo chinthucho chimaoneka ndi maso podutsa, ndi munda wachitsanzo. Ngati akudziwa kachitidwe koma sadziwa tsiku, ndi foni. Ngati chosowacho chili m'maso ndi m'zala, ndi sukulu, ndipo njira yachidule palibe. Pa mbozi yachilendo zosowa zazikulu ndi ziwiri zomalizazo.

Choncho dera la foni zokha talithetsa. Uthenga wa mbozi uzipita kumidzi yokhayo komwe kuli munthu wophunzitsidwa woti n'kumufikira wapansi. Sukulu zikhala zinayi, zoikidwa motalikirana dala kuti iliyonse ikhalenso malo owerengera msampha a dera lake. Pa sukulu ziwiri zakale tasankha anthu asanu ndi m'modzi omwe kuwerenga kwawo kunafanana ndi kwathu, anayi mwa iwo amayi, kuti ayendetse timisonkhano tatifupi titatu ta kuyendera munda basi, m'midzi yoyandikana: chimanga chili ndi masamba atatu, asanu ndi limodzi, ndiponso chili m'chiuno. Ngati misonkhano itatu ingapereke luso lomwe misonkhano 16 inapereka, tidzaona pa mayeso a Epulo. Ena mwa ife akukayika, poti chomwe chinaphunzitsa gulu lija ndi kubwerera pa mapesi omwewo n'kuona zomwe zachitika pambuyo posapopera.

Minda yachitsanzo ipitirira koma pa katalikidwe ka mapando ndi kubzala msanga. Ndime yosasamalidwa iziikidwa kutali ndi msewu, ndipo mwini munda azilonjezedwa pamaso pa a mfumu kuti chimanga chomwe ndimeyo itaye chidzabwezedwa. Manambala a foni azilembedwanso mu Novembala, nambala ya mayi payokha ngati ilipo, ndipo tiyesa mauthenga a mawu ojambulidwa kwa omwe sawerenga. Nyambo za misampha ziitanitsidwe mu Ogasiti, zokwanira kusintha mwezi uliwonse kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo zisungidwe pozizira zisanatsegulidwe.